Panelo yaikulu, batire losadzaza

Mlamu wanga anagula panelo ya mawati 300, ija yaitali ngati chitseko, n'kuikweza padenga ndi chimwemwe. Batire lake ndi la mavoliti 12, ndipo kontirola anasiya yomwe ija yakale, kabokosi kabuluu kopepuka. Patatha sabata anandiimbira. "Alamu, anandibera. Dzuwa likuswa mtengo tsiku lonse koma ikamati 9 koloko usiku wailesi ya kanema yazima."

Nditafika ndinakwera padenga kukawerenga kapepala komatidwa kuseri kwa paneloyo. Panalembedwa Vmp 32V ndi Imp 9.3A. Panelo inalibe mlandu. Vuto linali kabokosi kaja.

Kontirola ndi mlonda wa batire, amene amaona kuti lisadzaze mopitirira muyezo. Alondawa alipo a mitundu iwiri. Ya PWM ili ngati switchi yotseka ndi kutsegula mofulumira kwambiri. Ikatsegula njira, panelo imalumikizika mwachindunji kubatire, ndipo batire limakokera mavoliti a panelo pansi kuti afanane ndi ake, pafupifupi 13.5 pamene likutchaja. Maampu sawonjezekera. Ndiye poti mawati timawapeza pochulukitsa mavoliti ndi maampu, kwa mlamu wanga 13.5 kuchulukitsa ndi 9.3 zimapereka mawati 125 okha. Analipira 300, koma mphamvu yoposa theka inkatsalira padenga.

Ya MPPT imagwira ntchito mwina. Imaisiya panelo pamavoliti amene imatulutsira mphamvu zambiri, kenako imatsitsa mavolitiwo n'kuwasandutsa maampu. Titaika yotere ya maampu 30, masana kunja kuli ngwee batire linkalandira maampu pafupifupi 18, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kale. Panelo yomweyo, dzuwa lomwelo.

Komatu musathamangire kunena kuti PWM ndi yachabe. Ine zimandiwawa ndikaona munthu wa mababu anayi ndi foni ziwiri akuumirizidwa kugula kontirola yodula imene sadzaona phindu lake. Tengani panelo ya mawati 100, yomwe kuseri kwake kumalembedwa Vmp 18V ndi Imp 5.5A. Iyi anaipangira batire la mavoliti 12. Pa PWM ipereka mawati pafupifupi 74. Papepala MPPT ikuoneka ngati ipambana kwambiri, koma manambala a pakapepala aja amayezedwa panelo ili pa madigiri 25. Pamwamba pa malata mu Okutobala, makamaka kuchigwa ngati ku Nsanje kapena ku Chikwawa, panelo imatentha kupitirira madigiri 60, moti simungaigwire nthawi yaitali. Ikatentha chonchi mavoliti ake amatsika kufika cha m'ma 15 kapena 16, pafupi ndi a batire, ndipo MPPT imasowa chosandutsa. Kusiyana kumatsala mawati 10 kapena kucheperapo. Ndalama yoonjezerayo ndi bwino kugulira panelo ina ya mtundu womwewo kapena waya wokhuthala. Kumalo ozizira ngati ku Dedza mu Juni, MPPT imapindulako pang'ono.

Choncho musanafunse mtengo, werengani Vmp. Ngati ili pa 17 kapena 18 ndipo batire ndi la mavoliti 12, PWM yabwino ikukwanirani, bola maampu ake apose Isc ya panelo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati ili pa 30 kapena kuposa, gulani MPPT, ndipo muonetsetse kuti Voc ya panelo ili pansi ndithu pa malire olembedwa pakontirola, chifukwa m'mawa kukazizira mavoliti amakwera ndipo akadutsa malirewo kontirola imapsa.

Chenjerani ndi zamsika. Muli timabokosi tambiri tolembedwa MPPT pamwamba koma mkati muli PWM. Yeniyeni imakhala ndi koyilo ya waya wa kopa mkati, n'chifukwa chake imalemera m'manja, ndipo imalemba malire a mavoliti ochokera kupanelo, monga 75V kapena 100V. Ngati n'kopepuka ngati sopo ndipo mtengo wake ukufanana ndi wa PWM, kayikirani. Umboni weniweni ndi mita. M'mawa, batire lisanadzaze koma dzuwa litafika bwino papanelo, yezani mavoliti pomwe pamalowa mawaya a panelo, kenako pomwe pamalowa a batire. Mukapeza 13.8 uku ndi 13.4 uko, imeneyo ndi PWM ngakhale italembedwa zotani. Pa MPPT ya mlamu wanga mita inaonetsa 28 mbali ya panelo ndi 13.4 mbali ya batire.

Polumikiza, yambani ndi batire, panelo pambuyo, kuti kontirola izindikire kaye ngati batire ndi la mavoliti 12 kapena 24. Pochotsa, yambani ndi panelo. Ndipo ngati batire lanu ndi la lifiyamu, sankhani kontirola yolola kusintha mavoliti otchajira, chifukwa zambiri zotchipa anazikonzera mabatire a asidi okha.