Tsiku limene intaneti inaleka kunena kuti "kulibe"

Mukalemba dzina la webusaiti, kompyuta yanu imayamba yafunsa kaundula wa mayina wotchedwa DNS kuti dzinalo adiresi yake ndi iti. Dzina likakhala kuti silinalembetsedwe, yankho limakhala `NXDOMAIN`, kutanthauza kuti kulibe. Mapulogalamu ambiri amadalira yankho limeneli.

Koma mwini kaundula angathe kuikamo mzere woyamba ndi kanyenyezi, wotere:

```
*.example.com.  IN  A  192.0.2.10
```

Mzerewu ukunena kuti dzina lililonse losalembedwa pansi pa `example.com` lizipita ku adiresi imodzi yomweyo. Makampani opatsa kasitomala aliyense tsamba lakelake amaukonda, chifukwa salembanso mayina limodzilimodzi.

Pa 15 Seputembala 2003, kampani ya ku America ya VeriSign, yosunga mayina othera ndi `.com` ndi `.net`, inaika kanyenyezi kotere pa mayina onsewo. Aliyense wolemba dzina molakwitsa ankangofikira pa tsamba la kampaniyo lotchedwa Site Finder.

Zotsatira zake zinaonekera kwambiri pa imelo. Mapulogalamu osefa makalata achinyengo ankayamba aona ngati dzina la kumene kalata yachokera lilipodi, ndipo likakhala lopeka ankaikana. Tsopano dzina lopeka lililonse linayamba kuoneka lenileni, moti sefa imeneyi inatha ntchito. Nawo makalata olakwika adiresi, m'malo mobwerera pomwepo, ankayamba akagogoda pa seva ya VeriSign, n'kukanidwa kumeneko. Bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti la ICANN linalamula kuti zimenezi zithe, ndipo pa 4 Okutobala kanyenyeziko kanachotsedwa.

Pa domeni ya kampani yaing'ono vuto ndi lomweli, kungoti limabisala. Wantchito akalemba `malipilo.example.com` m'malo mwa `malipiro.example.com`, sauzidwa kuti walakwitsa. Amangoona tsamba lina, kapena chenjezo la chitetezo, n'kuyamba kuimba mlandu seva yosalakwa. Seva yakale ikachotsedwa m'kaundula, dzina lake limayankhabe, ndipo amisiri amaganiza kuti ikadalipo.

Palinso msampha wina. Kanyenyezi kamagwira mayina okhawo amene kulibe n'komwe. Tinene kuti `sitolo.example.com` yakhala ikuyenda bwino podalira kanyenyezi, ndiye tsiku lina wina waikapo mzere wa mtundu wa `TXT` wotsimikizira umwini. Kuyambira pamenepo dzinalo lilipo, choncho kanyenyezi kamalisiya, ndipo poti lilibe adiresi yakeyake, tsambalo limazima. Mankhwala ake ndi kulilembera mzere wake wa `A`.

Kuyesa n'kosavuta. Funsani dzina lopanda tanthauzo, limene palibe akanalilembetsa:

```
dig zzq7kx.example.com
```

M'malo mwa `example.com` ikani domeni yanu. Mukalandira `NXDOMAIN`, kanyenyezi palibe. Mukalandira adiresi, kalipo, ndipo funsani amene anakaika ngati kakufunikadi. Ngati mayina anu ndi owerengeka, alembeni limodzilimodzi, kanyenyeziko mukachotse.