Tsamba limodzi limene bwana amawerenga

Pa 16 Januwale 2003, patangodutsa masekondi pafupifupi 82 chombo cha mumlengalenga cha Columbia chitanyamuka ku Florida, chibenthu chonga siponji chinathothoka pathanki yamafuta n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chidakali m'mwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anaunika nkhaniyi n'kupereka malipoti kwa akuluakulu a bungwe la NASA.

Pa tsamba lina lofunika kwambiri, mutu wake unali wokhazika mtima pansi. Mfundo yoopsa anaiika m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono: chibenthucho chinali chachikulu kuwirikiza nthawi pafupifupi 640 poyerekeza ndi tizidutswa timene anayeserapo kale, choncho zoyesazo sizikanatsimikizira kuti phiko lili bwino. Phikolo silinajambulidwe kuti lionedwe bwinobwino. Pa 1 Febuluwale, chombocho chinaphwasuka pobwerera, ndipo anthu onse 7 anafa. Komiti yofufuza ngoziyi inaona kuti bwana akanatha kuwerenga tsambalo osazindikira kuti likunena za moyo wa anthu.

Zotere zimachitikanso m'maofesi wamba. Dailekitala amene tsiku lake ladzaza ndi misonkhano satsegula lipoti lonse. Amawerenga chidule chakumayambiriro, n'kusaina kapena kukana.

N'chifukwa chake chidule sichitsata ndondomeko ya lipoti. Lipoti limayamba ndi mbiri ya vuto ndi mmene kafukufuku anayendera, koma chidule chimayamba ndi chimene bwanayo akufunika kugamula, maganizo a wolemba, ndi tsiku lomaliza logamulira. Kenako pamabwera zifukwa ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi nambala yake, ndalama zofunika, ndi zimene zingachitike akapanda kuchitapo kanthu. Mfundo iliyonse imene ingasinthe maganizo a bwana, makamaka yosonyeza kukayikitsa kwa umboni, iyenera kukhala pamwamba pomwepo.

Chikhala kuti tsamba la Columbia lija linalembedwa motero, likanayamba ndi kunena kuti palibe angatsimikize kuti phiko silinaonongeke, chifukwa chibenthu chachikulu chotere sichinayesedwepo. Chiganizo chachiwiri chikanapempha kuti phikolo lijambulidwe chombo chisanabwerere. Masamu onse akanatsalira mkati mwa lipoti, ndi nambala ya tsamba kwa wofuna kuwaona.

Chidule chofooka sichivuta kuchizindikira. Chimadzaza ndi mawu onga "lipotili likufotokoza" kapena "gawo lachitatu likuunika", amene amangotchula mitu osanena zimene zapezeka. Chimati ndalama "zakwera kwambiri" osanena kuti ndi zingati.

Olemba ozolowera amalemba chidule pomaliza, lipoti litatha, ndipo amayesetsa kuti chikwane tsamba limodzi kapena awiri. Asanachitumize, amapatsa mnzawo amene sanaone lipotilo kuti awerenge, n'kumufunsa chimene bwana akupemphedwa, ndalama zake, tsiku lake, ndi chimene chingalakwike. Mnzawoyo akayamba kufunsa lipoti lenilenilo kuti ayankhe, chidulecho amachilembanso.