Kodi 1011010 ndi 5A kapena B4?

Wophunzira zamakompyuta wapatsidwa nambala 1011010 kuti aisinthe. Iye wapeza 5A, mnzake wapeza B4, ndipo aliyense akuti yankho lake ndilo lolondola. Palibe chifukwa chodikira aphunzitsi, nambalayo imaweruza yokha mlanduwu.

Nambalayi yalembedwa m'kawerengedwe ka bainale, komwe kamagwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Tiyambe taisintha kukhala desimale, kawerengedwe kathu ka tsiku ndi tsiku. Malo aliwonse ali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri tikamachoka kumanja kupita kumanzere:

```
64 32 16  8  4  2  1
 1  0  1  1  0  1  0
```

Pamene pali 1 timatenga mtengowo, pamene pali 0 timadumpha. Tikaphatikiza 64, 16, 8 ndi 2 tikupeza 90.

Tsopano hekisadesimale. Kumeneku zizindikiro zilipo 16: kuyambira 0 mpaka 9, kenako zilembo A mpaka F, zomwe zimaimira 10 mpaka 15. Chizindikiro chimodzi chimakwana ndendende manambala anayi a bainale, n'chifukwa chake timadula nambala yathu anayianayi. Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Manambala athu alipo asanu ndi awiri, ndiye gulu limodzi liperewera. Kudula kumayambira kumanja, ndipo gulu loperewera timalikwaniritsa ndi ziro kumanzere kwake:

```
0101 1010
   5    A
```

Gulu loyamba ndi 4 kuphatikiza 1, yomwe ndi 5. Lachiwiri ndi 8 kuphatikiza 2, yomwe ndi 10, ndiye kuti A.

Kutsimikiza kwenikweni n'koti njira ziwirizi zikumane. Mu 5A, 5 uja wakhala pamalo a 16, choncho 5 kuchulukitsa ndi 16 ndi 80. Tikawonjezera 10 wa A uja tafika pa 90, yemwe tinamupeza poyamba. Ine ndimaikhulupirira njirayi kuposa kungobwereza samu yomweyo, chifukwa munthu akalakwitsa koyamba, diso lake limadutsanso pacholakwacho osachiona.

Nanga B4 anachokera kuti? Mnzathuyo anayamba kudula kumanzere, n'kupeza 1011 ndi 010, kenako n'kuika ziro kumapeto. Ziro wa kumanzere sasintha kanthu, monga momwe 07 alili 7 yemweyo, koma wa kumanja amakankha manambala onse malo amodzi. Mu bainale zimenezi zimawirikiza nambala kawiri. Taonani: B ndi 11, kuchulukitsa ndi 16 ndi 176, kuwonjezera 4 ndi 180. Ameneyu ndi 90 kawiri.

Akanatha kuzindikira msanga. Nambala ya bainale ya malo asanu ndi awiri yoyamba ndi 1 singachepere 64, ndipo singapose 127, ngakhale malo onse atakhala 1. Choncho 180 alibe pokhala m'menemo.

Pakompyuta, kulakwitsa kotereku kumaonekera poyera. M'ndondomeko ya ASCII, yomwe imapatsa chilembo chilichonse nambala yake, 90 ndi chilembo chachikulu Z. Ndondomekoyi imathera pa 127, ndiye wolemba B4 sangamupeze Z wakeyo.