Funso labwino limachokera m'kalasi

M'makoleji a zauphunzitsi monga a Kasungu, Machinga ndi Karonga, ophunzira amaphunzitsidwa kulemba chikonzekero cha phunziro komanso kuwongolera kalasi. Chovuta n'kudziwa ngati adzathadi kuchita zimenezo akadzaima pamaso pa ana. Kuwafunsa kuti atchule zigawo za chikonzekero kumangoyesa kuloweza. N'chifukwa chake aphunzitsi a m'makoleji amakonda kufotokoza phunziro limodzi monga momwe lidayendera, kenaka n'kukoka mafunso m'nkhaniyo.

Tiyerekeze kuti nkhani yake ndi iyi. Mphunzitsi wa Sitandade 3 ali ndi ana 90 ndi mphindi 35, ndipo akuphunzitsa kuchotsera mobwereka. Watha mphindi 15 akubwereza za dzulo. Kenaka waika ana m'magulu a ana 15, gulu lililonse n'kulipatsa mtolo umodzi wa timitengo. Akugawa timitengoto, ana a kumbuyo ayamba kulimbirana ndi kusokosera. Wasonyeza chitsanzo chimodzi pa bolodi n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Onse ayankha kuti, "Eee!" Belu likulira, wawapatsa samu ya 52 − 27, ndipo ambiri alemba 35 m'malo mwa 25.

Onani kuti nkhaniyi ikungonena zimene munthu angaone ndi kumva. Siikunena kuti mphunzitsiyu adawononga nthawi kapena kuti magulu adakula. Wolemba akaika mawu oweruza otero, ndiye kuti waulula yankho. Zolakwika nazo zisachuluke. Zitatu kapena zinayi n'zokwanira, chifukwa zikapitirira wophunzira amangotola chilichonse n'kupata malikisi.

Funso loyamba likhudze chikonzekero: "Lembani chizindikiro cha kakhozedwe chimodzi choyenera phunziroli." Amene walemba kuti ana adziwe kuchotsera sadakhoze, pakuti kudziwa sikuoneka ndi maso. Wokhoza ndi amene walemba kuti ana achotsere nambala za manambala awiri mobwereka, chifukwa izi mphunzitsi angazione m'kope. Funso lachiwiri limuuze kuti agawenso mphindi 35 zija pa chiyambi, thunthu ndi mathero, n'kupereka chifukwa. Wina angapatse chiyambi mphindi 5, thunthu 25, mathero 5. Wina angasiyane naye pang'ono. Chofunika n'chakuti zikwane 35 ndipo ana apeze nthawi yoyesera okha.

Pa kawongoleredwe ka kalasi ndi pamene olemba mafunso ambiri amaphonya. Funso loti "Kodi mphunzitsi angathetse bwanji phokoso?" likhoza kuyankhidwa ndi munthu amene sadawerenge nkomwe nkhaniyo. Loyenera ndi lofunsa chimene chidayambitsa phokoso m'phunziro limeneli, ndi chimene mphunzitsi akadachita lisadayambe. Wowerenga mosamala aona kuti manja a ana 15 sangakwane pa mtolo umodzi, ndiponso kuti ana adapatsidwa zipangizo asadauzidwe chochita nazo. Mankhwala ake ndi magulu aang'ono, timitengo tambiri timene ana omwe angabwere nato, atsogoleri a magulu ogawa zipangizo, ndi malangizo operekedwa kugawa kusadayambe. Amene wayankha kuti ana osokoserawo alangidwe wasonyeza kuti sadaone gwero la vutolo.

Funso lozama kwambiri lili pa 35 uja: "N'chifukwa chiyani ana ambiri adapeza 35?" Anawo adaona kuti 7 sangachoke mu 2, choncho adatembenuza n'kuchotsa 2 mu 7, kupeza 5. Kenaka adachotsa 2 mu 5, kupeza 3. Wophunzira amene wazindikira izi wadziwa kuti anawo sadalote yankho, koma sadamvetse kubwereka. Pamenepo m'funseni chimene mphunzitsi akadachita m'malo mofunsa kuti "Mwamva?" Akadauza mwana aliyense kuti awonkhetse samu imodzi, iye n'kuyendera mizere, vutoli likadaoneka belu lisadalire.

Mafunso akatha, wolemba akonzeretu ndondomeko yochongera. Alembe mayankho ovomerezeka, agawe malikisi pakati pa kutchula vuto, kupereka umboni wochokera m'nkhani ndi kukonza. Popanda izi, ochonga awiri adzapereka malikisi osiyana pa yankho limodzi. Akumbukirenso kuti njira iyi ili ndi malire: imasonyeza mmene wophunzira amaganizira, koma mawu ake, mayendedwe ake m'kalasi ndi kuleza mtima kwake zimaoneka pokhapokha akapita kukaphunzitsa kusukulu.

Inu olemba mafunso, musanawapereke, phimbani nkhaniyo ndi pepala n'kupatsa mnzanu mafunso okhawo. Funso lililonse limene wayankha bwino asadawerenge nkhani, lichotseni kapena lilembeninso.