Momwe ELISA Imasandutsira Magazi Kukhala Nambala

Kwa ine, ELISA imamveka bwino ndikaifotokoza ndi kuyeza HIV. Chipangizo chake ndi kambale ka pulasitiki ka timaenje 96. Pansi pa kaenje kalikonse amamatapo antijeni, kutanthauza tizidutswa ta kachilomboko.

Timathiramo madzi a m'magazi a munthu. Ngati thupi lake linapanga maantibodi olimbana ndi HIV, iwo amagwira antijeni ija zolimba. Kenaka timatsuka, ndipo zonse zosagwira zimachoka. Timaonjezamo antibodi wachiwiri wogwira maantibodi a munthu komanso wonyamula enzaimu yotchedwa perokisidezi. Tikatsukanso, timathira mankhwala oyera otchedwa TMB. Enzaimu yotsalayo imawasandutsa abuluu, ndipo asidi akathiridwa kuti ntchito iime, mtundu umakhala wachikasu. Makina amayeza kuwala komwe chikasucho chameza pa 450 nm: maantibodi akachuluka, nambala imakwera.

Chimene ndimachiopa kwambiri ndi kutsuka mosasamala, chifukwa enzaimu yosagwira imatsalira ndi kupereka mtundu wabodza. Timazindikira vutoli kaenje ka magazi odziwika kuti alibe kachilombo kakasinthanso mtundu. Zikatero, mbale yonseyo iyenera kubwerezedwa.