Makalata atatu olandirira wolembetsa watsopano

Munthu akasiya imelo yake pamalo ochitira masewera olimbitsa thupi, chidwi chake chimakhala chikali chotentha, koma chimazilala msanga. N'chifukwa chake eni malowa amakonzeratu makalata atatu amene pulogalamu ngati Mailchimp imatumiza yokha, kalata iliyonse ili ndi ntchito imodzi.

Yoyamba imanyamuka pompopompo. Ngati wolembetsayo analonjezedwa kalasi yaulere, kalatayo ipereke batani limodzi losungitsira malo, basi. Kuthiramo mitengo ndi mbiri ya mwini malo n'kumusokoneza.

Yachiwiri, imene ingatumizidwe patapita masiku awiri, ndiyo ambiri amailemba molakwika. Amayamba kutamanda makina awo, pomwe munthu amene sanalowepo m'jimu akuvutika ndi zina: avale chiyani, asinthire kuti zovala, kodi anzake samuseka akalephera kupuma? Kalata yabwino imamuuza kuti afike mphindi 10 kalasi isanayambe, atenge botolo la madzi ndi thaulo, ndiponso kuti mphunzitsi amasonyeza njira yopepuka ya sewero lililonse. Chithunzi cha khomo lolowera chimathandiza kuposa cha munthu wa minofu yotumba, amene kunena zoona amangoopseza obwera kumene.

Yachitatu, cha pa tsiku lachisanu, ndiyo imatchula ndalama: mtengo wa umembala ndi tsiku limene kuchotsera kukutha.

Vuto limaonekera m'manambala. Anthu akamatsegula yoyamba koma osadina, ndiye kuti batani labisika kapena zopempha zachuluka. Wolipira kale umembala achotsedwe pamndandanda kalata yachitatu isanamufike.