Bonasi ya wogulitsa: pomwe imayambira ndi pomwe imalekera

Makampani ambiri amaikira wogulitsa malonda mlingo woti afikire pamwezi, ndipo bonasi yake imadalira maperesenti a mlingowo omwe wakwanitsa. Tiyerekeze kuti mlingo ndi katundu wa K2,000,000, ndipo bonasi ya amene wafika ndendende pamlingopo ndi K100,000. Pangano likuti bonasi iyambire pa 80 peresenti, ilekere pa 120 peresenti.

Mayi wina wagulitsa za K1,800,000. Tikagawa ndalamayi ndi K2,000,000 kenaka kuchulukitsa ndi 100, tikupeza 90 peresenti. Wadutsa poyambira paja, koma alandira zingati? Apa ndiye pagona nkhani. Ngati pangano likuti bonasi iyenderane ndi maperesenti onse, alandira K90,000. Koma ngati likuti kuwerenga kuyambire pa 80 kukwera mpaka 100, ndiye kuti wayenda masitepe 10 mwa 20, theka chabe, ndipo alandira K50,000. Malonda omwewo, kusiyana K40,000! N'chifukwa chake ndimaumirira kuti wogulitsa aone njirayo italembedwa asanasayine.

Njira yoyamba ija ili ndi vuto lake. Wofika pa 79 peresenti amapita chimanjamanja, pomwe wa 80 walandira K80,000, choncho ena amakakamiza makasitomala kutenga katundu pangongole mwezi ukamatha.

Nanga wogulitsa za K3,000,000? Wafika pa 150 peresenti, koma amuwerengera 120 basi, ndipo panjira yoyamba alandira K120,000. Malonda opitirira K2,400,000 samuonjezera kalikonse. Bwana akaona maoda akuchedwetsedwa dala kuti alowe mwezi wamawa, adziwe kuti malirewo atsika kwambiri.